Azakhali ankafuna dzina la sopo wawo pa botolo la mafuta ophikira

Pa tchuthi chapitachi ndinakangana ndi azakhali anga kwa masiku atatu, ndipo mpaka lero sitinamvane kwenikweni. Nkhani yake inali ya kapepala komata pa botolo.

Azakhaliwa amakhala kufupi ndi Chinkhoma, komwe kuli msika wa fodya wa okushoni kwathu ku Kasungu. Ali m'gulu la amayi lomwe lakhala likupanga sopo wa mitanda kwa zaka zingapo. Sopo wawo ndi wochapira, koma monga mudziwa, kumudzi mtanda umodzi umagwira ntchito zonse: umachapa zovala, umatsuka mbale, ndipo kachidutswa kotsala kamakathera kubafa. Anthu a m'deralo anamukonda pa chifukwa chimodzi chachikulu. Munthu akachoka kothyola kapena kosoka fodya, manja amakhala ndi phula lakuda lomata lija, ndipo sopo wa amayiwa amalichotsa msanga, komanso sasungunuka ngati phala akasiyidwa pa mwala wonyowa. Dzina lake linafika poti ana akatumidwa kuokala amangotchula dzinalo, osanenanso mawu oti sopo.

Chaka chino gululi linapeza makina oyengera mafuta a mpendadzuwa. Alimi ambiri kwathu ayamba kusiyako ndime ina ya fodya n'kudzalapo soya, mtedza ndi mpendadzuwa, ndiye mbewu yoyenga ilipo. Maganizo a azakhali anali osavuta kumva. Dzina tili nalo kale, anthu amalikhulupirira, bwanji osangolimata pa mafuta ophikirawo? Akatero aganizenso zopanga mafuta odzola pa dzina lomwelo. Ine ndinati odzolawo mwina, koma ophikira ayi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe mwana wa achimwene, sukulu yakoyo ndi ya mabuku a nthano. Za malonda wazidziwira kuti? Mafuta ndi mafuta."

Mawu otsirizawo ndi amene andisowetsa tulo, chifukwa m'Chichewa ndi oona. Timati mafuta ophikira, mafuta odzola, mafuta a galimoto, mafuta a nyale. Liwu ndi limodzi. Ndipo azakhali ali ndi mfundo ina yolimba kuposa ya chilankhulo, yoti sopo weniweniyo ndi mafuta. Pa kilogalamu imodzi ya mafuta iwo amathira magalamu apakati pa 130 ndi 140 a kositiki soda wosungunula m'madzi, kutakasa mpaka zitalimba ngati phala la mwana, kuthira m'chikombole, kudula mawa lake, kenako kuyanika pa mthunzi pafupifupi milungu inayi kuti sopoyo aume ndi kusiya ukali. Munthu amene wakhala akugula, kusefa ndi kununkhiza mafuta zaka zonsezi amadziwa mafuta abwino ndi oipa kuposa ine. Pamenepo sindikanawatsutsa.

Ngakhale kumafakitale akuluakulu, sopo ndi mafuta ophikira ndi ana a nyumba imodzi. Poyeretsa mafuta a soya kapena a mpendadzuwa amathiramo kositiki soda pang'ono kuti achotse asidi amene amawawitsa mafuta, ndipo zotsalira zake ndi sopo wosapsa amene amakathera mu mitanda yochapira. Mafuta a kanjedza nawo amagawidwa pawiri: mbali yamadzimadzi imapita m'botolo la kukhitchini, mbali yolimba imapita ku sopo ndi majarini. Ichi n'chifukwa chake kampani ya Unilever inabadwa. Mu 1929 a Lever Brothers a ku Britain, opanga sopo wa Sunlight, anagwirizana zophatikizana ndi a Margarine Unie a ku Netherlands, opanga majarini, popeza onse ankalimbirana mafuta omwewo pa msika wa dziko lonse.

Koma taonani zomwe kampaniyi inachita ndi mayina. Makolo athu anakula akuchapira Sunlight, akusambira Lifebuoy, akukazingira Covo ndi Kazinga, akupaka Stork pa buledi. Zonsezo zinali za mwini mmodzi, amene kuno ankadziwika kuti Lever Brothers. Palibe anaonapo botolo la mafuta ophikira lolembedwa Sunlight, ngakhale dzinalo likanakhala lokongola pa mafuta a mpendadzuwa, duwa lotsata dzuwa. Anthu amene anali ndi dzina la sopo lotchuka chonchija, fakitale, magalimoto ndi ogulitsa m'dziko lonse, anasankha kuwononga ndalama pomanga dzina lina la kukhitchini. Ku Kenya a Bidco amachita chimodzimodzi: Elianto ndi Kimbo kophikira, sopo ali ndi mayina akeake. Ndipo Palmolive, amene dzina lake lenilenilo linachokera ku mafuta a kanjedza ndi a olivi, wakhalapo kuyambira 1898 ali kubafa ndi kotsukira mbale, osalowa mu mphika.

Ndinawauza azakhali zonsezi ndipo anangoti, "Amenewo ndi azungu, ali ndi ndalama zotaya." Ndiye ndinasiya za azungu n'kuwakumbutsa za okala ya malume ena amene tonse timawadziwa. Malumewo nthawi ina anasanja katoni ya sopo wonunkhira pa shelefu imodzi ndi shuga ndi ufa wa mandasi. Patatha sabata, amayi okazinga mandasi anabweza ufa ati ukumveka sopo. Sunali wakuba kapena wowola, unangoyamwa fungo. Kuyambira pamenepo wogulitsa aliyense wanzeru pamalopo amaika sopo pansi kumanzere, zakudya pamwamba kumanja. Wogula aliyense kwathu analawapo tiyi womveka sopo chifukwa kapu sinatsukuluzidwe bwino, ndipo lilime silimaiwala. Mukalemba dzina la sopo pa botolo la mafuta, mwachita m'mutu mwa wogula zomwe malume aja anachita pa shelefu. Mafutawo akhoza kukhala abwino kwambiri, koma mayi akawerenga dzinalo, mkamwa mwake mubwera thovu asanatsegule n'komwe.

Ofufuza za malonda awiri, David Aaker ndi Kevin Lane Keller, analemba za nkhaniyi mu 1990. Anapeza kuti anthu amalandira dzina lakale pa katundu watsopano ngati akuona kuti zinthu ziwirizo zikuyenderana, ndipo anatchula njira zitatu: kaya zimagwiritsidwa ntchito limodzi, kaya china chingalowe m'malo mwa chinzake, kaya wogula akukhulupirira kuti luso lopangira choyambacho lingathandize kupanga chachiwiricho. Anaonanso kuti zomwe zimakometsa katundu woyamba zikhoza kusanduka chilema pa wachiwiri. Ine ndinayesa njira zitatuzi pa mitanda ya azakhali. Sopo ndi mafuta ophikira sizigwiritsidwa ntchito limodzi, kupatula kuti sopo amabwera kudzachotsa mafuta m'mbale, ndiye kuti ndi adani. China sichilowa m'malo mwa chinzake. Yotsala ndi ya luso, ndipo apa m'pamene pali msampha. Luso ndi limodzi ndithu, koma amene akudziwa zimenezo ndi wopanga. Wogula sadziwa, ndipo mukamufotokozera kuti mafuta akudya ndi sopo zimachokera mu mgolo umodzi, mwangomuwonjezera nseru.

Ndiye funso loyenera si lakuti gulu lingathe kupanga chiyani. Ndi lakuti anthu akamati amakhulupirira sopoyu, akukhulupirira chiyani makamaka. Ndinafunsa anthu angapo pa mjigo ndi pa chigayo, mongocheza. Mayankho anali ofanana: amachotsa phula la fodya, sachedwa kuchita thovu ngakhale madzi a pa mjigo, sakutha msanga. Palibe ananena kuti ndi wofewa pa khungu. Palibe ananena kuti amayiwa ndi aukhondo kapena kuti sanama pa muyezo. Chikhulupiriro chonse chili pa mphamvu yochotsa litsiro. Mphamvu imeneyo ingasamukire bwinobwino pa sopo waufa, sopo wamadzi wotsukira mbale, kapena wophala wochapira. Boom wa a Trade Kings a ku Zambia, amene wadzaza m'maokala mwathu, anayenda njira yomweyo, kuchoka pa wophala kupita pa waufa, ndipo maswiti a kampani yomweyo ali ndi mayina ena. Koma mawu oti "amachotsa phula" sathandiza chilichonse pa chiwaya cha tchipisi.

Pali chinanso chimene azakhali sanachiganizire, ndipo ndikuona kuti n'chachikulu kuposa nkhani ya fungo. Kwathu mafuta ophikira ambiri sagulidwa m'botolo lomata. Wogulitsa amagula chigubu cha malita 20 n'kumayeza m'timapepala tapulasitiki kapena m'kabotolo komwe wogula wabwera nako. Mayi wogula mafuta a ndiwo za madzulo amayang'ana mtengo, mtundu wake poyang'anitsa padzuwa, ndi fungo. Dzina limatsala pa chigubu kuseri kwa kauntala. Botolo lathunthu limagulidwa kwambiri nyengo ya okushoni, kuyambira cha mu Epulo, ndalama za fodya zikayamba kulowa, ndipo pamenepo munthu amafuna Kukoma kapena Mulawe, mayina amene anawamva pa wailesi. Choncho phindu lomwe dzina la sopo lingabweretse ku mafuta ndi lochepa kwambiri.

Pomwe chiopsezo chobwerera ku sopo n'chachikulu. Mafuta oyenga pamudzi savuta kulakwika. Kuti mupeze lita imodzi pa makina aang'ono mumafunika makilogalamu atatu kapena anayi a mpendadzuwa, malinga ndi mtundu wa mbewu, ndipo mbewuyo ikakhala yosauma bwino kapena yachuku, mafuta amatuluka ndi kafungo. Akapanda kudikha masiku angapo ndi kusefedwa, amachita nsenga pansi pa botolo ndipo amachita thovu ndi utsi pa moto. Akakhala padzuwa pa benchi la pamsika, amayamba kuwawa pakhosi. Palinso lamulo: mafuta ophikira ogulitsa m'dziko muno amayenera kukhala ndi vitamini A ndi kuvomerezedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, zomwe gulu longoyamba kumene silingakwanitse tsiku limodzi. Tsono tiyerekeze kuti ulendo umodzi mafuta atuluka oipa, ana a banja lina atsegula m'mimba, kaya chifukwa cha mafutawo kaya chifukwa cha zina. Mbiri idzayenda pa mjigo ndi dzina lomwe lili pa botolo. Sopo amene sanalakwe kanthu adzasenza mlandu, ndipo anthu adzayamba kunena kuti amayi aja amathira mankhwala a sopo m'mafuta. Bodza lotere silifuna umboni, likungofuna dzina limodzi pa zinthu ziwiri.

Azakhali anandigwira pa chitsanzo chimodzi, ndipo ndivomere kuti anandigwiradi. Anati, "Nanga Azam? Ufa wa mandasi ndi Azam, sopo ndi Azam, TV ndi Azam. Anthu asiya kudya mandasi?" Zoona. Dzina la kampani ya Bakhresa ya ku Tanzania lili pa ufa watirigu, pa zakumwa, pa sopo wochapira, pa dishi ya kanema, ngakhale pa timu ya mpira ya ku Dar es Salaam. Ndinaganiza usiku wonse ndipo yankho langa ndi ili. Choyamba, Azam silinayambe ngati dzina la sopo. Linayambira ku zakudya, ndipo ulendo wochoka ku chakudya kupita ku sopo ndi wotsetsereka: amene ndimamukhulupirira pa zolowa m'mimba mwanga sindingamukayikire pa zochapira malaya. Ulendo wobwerera ndi wokwera phiri. Chachiwiri, dzinalo lili pa zinthu zambiri zosiyana moti silikumbutsanso fungo la chinthu chimodzi, limangotanthauza kampani yaikulu. Dzina la azakhali lili ndi tanthauzo limodzi basi, ndipo tanthauzolo ndi thovu. Iwo anati ndikungozemba. Mwina pang'ono.

Pa mafuta odzola ndiye tinasinthana mbali, iwo kuchita mphwayi, ine kulimbikira, kenako ine ndemwe n'kubwerera m'mbuyo.

Poyamba zimaoneka zosavuta. Munthu amasamba kenako amadzola, zinthu ziwirizi zimakhala pa windo limodzi, zimakhudza khungu limodzi. Kwathu kufunika kwake n'koonekeratu. Mu Juni ndi Julayi mphepo ya m'chigwa cha Kasungu imayeretsa miyendo mbuu, milomo imasweka, zikang'a zimatseguka ku zidendene, ndipo imeneyo ndi nthawi yomwe anthu ali ndi kandalama ka fodya m'thumba. Dove ndiye chitsanzo chomwe aliyense amatchula: anayamba mu 1957 ngati sopo wosambira amene ankalengezedwa kuti gawo limodzi mwa magawo anayi ndi kirimu wofewetsa khungu. Pamene dzinalo linadzafika pa mafuta odzola, linali likungopitiriza lonjezo lomwe linaperekedwa kale. Kirimu uja anangotuluka mu sopo n'kulowa m'botolo.

Koma sopo wa azakhali sanalonjezepo zofewetsa. Analonjeza zochotsa. Sopo amene amadula phula la fodya amadulanso mafuta achilengedwe a pakhungu, ndipo azakhali eniake manja awo amakhala okhakhala akachapa tsiku lonse. Mtsikana wa ku sekondale amene akusankha chodzola safuna kununkhira ngati zovala zoyanika pa chingwe, ndipo safuna kuti anzake aone pa botolo lake dzina la mtanda wochapira matewera. Apa ndinazindikira kuti mawu oti "sopo wodalirika" amabisa mitundu iwiri. Wosambira, monga Geisha kapena Butex, ali kale pa khungu ndipo chodzola ndi khomo loyandikana nalo. Wochapira ali pa nsalu, ngakhale umphawi umatichititsa kumusambira. Anthu amasambira sopo wochapira koma sanyadira, ndipo chodzola ndi chinthu chomwe munthu amagula ndi kamtima konyadira. A Candlex ku Blantyre, amene amapanga Ufresh wochapira ndi Butex wosambira, sanaphatikize ngakhale sopo awiriwo pa dzina limodzi.

Kapangidwe kake nakonso si ka masewera. Loshoni ndi madzi osakaniza ndi mafuta, zinthu ziwiri zomwe sizifuna kukhala pamodzi. Pamafunika mankhwala ozigwirizanitsa, ndiponso ena oletsa nkhungu ndi tizilombo, chifukwa paliponse pali madzi pamamera zinthu. Mukalakwitsa muyezo, botolo limaoneka bwino mu Julayi, koma likakhala mu okala ya malata kutentha kwa Okutobala mupeza mafuta ayandama pamwamba, madzi ali pansi, fungo lasintha. Choopsa kwambiri ndi chomwe sichioneka, pamene loshoni waoneka bwino koma akutulutsa tiziphuphu pa nkhope ya mwana. Sopo amakhululuka zambiri chifukwa amatsukuluzidwa pakatha mphindi imodzi. Chodzola chimakhala pa thupi tsiku lonse.

Ndiye ndinawapatsa njira yomwe ndikuiona kuti ndi yanzeru, ngakhale ndi yochedwa. Ayambe apanga sopo wosambira weniweni, wochepetsako kositiki soda kuti mafuta ena atsale osasanduka sopo, waung'ono, wokutidwa bwino, wa fungo lake. Atha kumupatsa dzina lapachibale ndi loyambalo, kapena kulemba dzina la gulu m'munsi mwa dzina latsopano. Adikire nyengo imodzi yozizira. Akadzamva anthu akunena okha, osafunsidwa, kuti sopo uja saumitsa khungu, ndiye kuti dzina lapeza lonjezo lachiwiri lomwe lingathe kunyamula chodzola. Ndipo chodzola choyamba chisakhale loshoni. Chikhale cha mtundu wa jele kapena mafuta oundana opanda madzi, poti zimenezo sizigawanika ndipo sizichita nkhungu msanga, komanso ndi zomwe anthu a kumunda amafuna pa zikang'a. Amene amatsuka phula la fodya madzulo ndi yemweyo amene manja ake akusweka, ndipo kwa iyeyo chodzola chochokera kwa amayi omwewo chikhoza kumveka bwino, bola chikalembedwa kuti ndi cha manja ndi mapazi a wogwira ntchito, osayesa kupikisana ndi mabotolo onunkhira a m'masitolo a pa boma.

Za mafuta ophikira ndinati apange ndithu, makina asagone. Chomwe angatenge kuchokera ku sopo ndi zonse kupatula dzina: njinga yomwe imaperekera sopo m'maokala itenge ndi mafuta, ogulitsa omwe amawakongoza sopo awakongozenso mafuta, buku la ndalama likhale limodzi. Ogulitsawo ndi amene amadziwa kuti amayiwa sanama pa muyezo ndipo amabwera tsiku lomwe alonjeza, ndipo chikhulupiriro cha mtundu umenewo chimasamuka popanda vuto chifukwa chili pa anthu. Koma choyengera chikhale m'nyumba ina, zigubu ndi mafanelo zikhale zakezake, kositiki soda asayandikire n'komwe, ndipo pa njinga sopo akhale m'katoni yomata kutali ndi mafuta. Nsenga ndi mafuta omwe sanatuluke bwino zipite ku sopo, kumene zingagwire ntchito zikasakanizidwa ndi mafuta olimba, poti mpendadzuwa pawokha umapanga sopo wofewa wosachedwa kutha. Njira ikhale ya mbali imodzi, kuchoka kukhitchini kupita ku sopo, osabwerera.

Azakhali anadandaula za mtengo wodinditsa mapepala awiri osiyana, ndipo dandaulo limenelo ndi lenileni kwa gulu lomwe ndalama zake zimachokera ku banki m'khonde. Ndinawapempha chinthu chimodzi chotchipa asanapite kodinditsa. Atenge mafuta a mgolo umodzi, athire m'mabotolo awiri ofanana, lina alembe dzina la sopo, lina dzina lililonse la kumunda, akaike pa tebulo tsiku la msika pa mtengo umodzi. Asafunse anthu kuti mukuganiza bwanji, chifukwa kwathu munthu sangakuuze pamaso kuti chinthu chako chikumunyansa, adzangoti zili bwino mayi. Angoyang'ana botolo lomwe dzanja likupitako, ndiponso amene akutsegula la dzina la sopo n'kuyamba walinunkhiza.

Tsiku lomwe ndinkanyamuka anandiperekeza mpaka pa msewu wa M1 atanyamula kachikwama kanga, mkati ataikamo mitanda iwiri ndi botolo la mafuta lopanda pepala lililonse. Minibasi itaima anandiuza kuti za mabotolo awiri zija akazitula ku gulu Lachinayi, koma ndisayembekezere zambiri chifukwa amayi a pampando anakonda kale maganizo a dzina limodzi ndipo mwana wawo wajambula kale chizindikiro pa foni. Nditafika ku hositelo ndinapeza kuti sopo ndi botolo zinayenda ulendo wonse zitagundana m'chikwama. Ndinatsuka botololo kunja kawiri ndisanakazingire mazira.